Meseji ya Khisimisi kwa ba neba a ku mzikiti: muzalemba chani?

Disembala ikafika pakati, mafoni mu komboni sagona. WhatsApp imadzala ndi zithunzi za makandulo, mabelu, mwana ali gone mu khola la ng'ombe, ndi mameseji aatali amene palibe adziwa kuti anawayamba ndani. Ambiri sitiwawerenga n'komwe. Tingokanikiza Forward, tisankha anthu asanu asanu pakuti foni siilola kupitirira apo, mpaka maina onse atha. Pakati pa maina amenewo pali ba neba a khomo lachiwiri, amene mumatunga nao madzi pa pompi imodzi ndi kusonkherana nao ndalama ya mayunitsi, koma pa Chisanu masana amavala mkanjo kupita ku mzikiti.

Tonse tidziwa kuti pa 29 Disembala 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ni dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analowa ku chiyambi kwa malamulo akulu a dziko. Ndiye chifukwa chake ambiri timaganiza kuti Khisimisi ni ya aliyense. Holide yeve ni ya aliyense, zoona, maofesi amatseka kwa onse. Koma pitani ku Chaisa, ku Kanyama, ku Kamwala kapena ku Chipata muone kuti ni mayadi angati amene Mkhristu ndi Msilamu agawana chipupa. Ndipo si onse Asilamu ni amwenye a mashopu ai. Pali Ayao, pali Asomali, pali ochokera ku Tanzania ndi ku Senegal, pali ndi Achewa ndi Ansenga anzathu amene anabadwira m'chipembedzo chimenecho.

Tiyeni titenge yadi imodzi ya chitsanzo. Muli ma rumu anai. Imwe mupemphera ku tchalitchi, ba neba anu ni Asilamu, ali ndi ana atatu. Chaka chino mwana wanu atadwala usiku, ni atate a pa khomo limenelo anathamanga kukafuna takisi. Pamene ndalama ya mayunitsi inakuvutani mu Ogasiti, anakulipirirani, munabweza pa mapeto a mwezi. Manje Khisimisi yafika, ndipo mufuna kuwatumizira kanthu. Mu foni muli kale meseji imene yachokera ku gulupu ya kwaya. Ikamba kuti Mwana wa Mulungu wabadwa kudzatiombola, mwazi wake ukuphimbeni inu ndi banja lanu, mu dzina la Yesu, ndipo pa mapeto iti lembani Amen ndi kutumiza kwa anthu khumi. Pamwamba pali chithunzi cha matambula awiri a waini akugundana.

Kwa mnzanu wa ku kwaya meseji iyi ni ya bwino. Kwa ba neba ili ndi minga, ndipo ni bwino kudziwa kuti minga ili pati. Asilamu samuzonda Yesu. Amamutchula Isa, amamulemekeza monga mneneri mkulu, amakhulupirira kuti anabadwa kwa namwali Mariamu, ndipo mutu 19 wa Kurani uli ndi dzina la mai ameneyu. Pamene tisiyana ni pa mau akuti Mwana wa Mulungu ndi pa mtanda. Chisilamu chimaphunzitsa kuti Mulungu ni mmodzi, alibe mwana, ndipo sichivomereza kuti Isa anafera pa mtanda. So mau atatu aja, Mwana wa Mulungu, mwazi, ndi mu dzina la Yesu, agunda pa malo penipeni pamene zipembedzo ziwirizi zimasiyanirana. Mukaonjeza kuti lembani Amen, ndiye kuti mwawapempha asaine pansi pa chikhulupiriro chimene si chao. Matambula a waini naonso aonjeza mchere pa chilonda, pakuti mowa ni woletsedwa kwa iwo.

Ganizani kuti munthuyo wakhala pa mpando ndi foni m'manja. Akayankha Amen, wachimwira chipembedzo chake. Akakhala chete, aopa kuti muzaganiza kuti ni wa matama, ndipo mailo muzakumana pa pompi. Imwe munafuna kumusangalatsa, koma mwamupatsa homuweki. Ndipo pamwamba pa meseji WhatsApp yalemba kale Forwarded, mwina Forwarded many times, kutanthauza kuti simunamuganizire iye, anangogwera mu ukonde pamodzi ndi ena onse.

Njira yoyesera meseji ni yosavuta. Musanatumize, dzifunseni kuti kodi ba neba angayankhe ndi mtima wonse popanda kuvomereza chiphunzitso cha tchalitchi chathu? Ngati yankho ni ai, fufutani, muyambe ina.

Manje muzalemba chani? Yambani ndi kuwaitana monga muwaitanira pa yadi. Ngati mumati ba neba, lembani ba neba. Ngati mumati amake uje kapena atate ake uje, lembani choncho. Osayamba ndi "okondedwa mwa Ambuye" pakuti si mwamene mukambirana masiku onse. Pambuyo pake kambani zoona zake, kuti ni imwe amene muli pa chikondwerero. Apa ndiye ambiri timasokoneza. Khisimisi ni yanu, ndiye musawafunire Khisimisi ya bwino monga kuti nao aidya. Auzeni chabe kuti kwathu kuli phwando ndipo takukumbukirani. Kenaka tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene chinachitika pakati panu chaka chino. Ichi ndiye chimapatsa meseji moyo, chifukwa palibe gulupu ya WhatsApp ingakulembereni. Potsiriza afunireni zinthu zimene munthu aliyense afuna: umoyo, mtendere pa nyumba, malonda ayende, ana apase ku sukulu.

Ya mu yadi yathu ija ingatuluke motere:

"Ba neba, mwachoma bwanji? Ise kuno tili mu Khisimisi, manje tati tisadye chabe osakukumbukani. Zikomo maningi pa usiku uja munatithamangira kufuna takisi pamene mwana anadwala, sitinaibale. Mulungu akusungeni na banja lonse, malonda ayende bwino, na bana bapase. Mupumule bwino pa holide."

Onani kuti simunabise kuti ndinu Mkhristu. Liu la Khisimisi lilimo. Anthu ena amaganiza kuti kulemekeza neba ni kuchotsa chilichonse cha chipembedzo mpaka meseji ikhale monga chidziwitso cha ku banki. Sizifunika. Ba neba adziwa kale kumene mumapita pa Sondo, amakumvani mukuyeseza nyimbo za kwaya pochapa. Chimene mwachotsa ni kuwakakamiza kuti ayankhe monga Mkhristu. Liu la Mulungu nalonso lilibe vuto, pakuti Asilamu okamba Chinyanja amalitchula tsiku ndi tsiku pamodzi ndi la Allah. Ndipo yankho lake ni lopepuka: zikomo ba neba, naimwe musangalale bwino.

Pali msampha wina umene umagwira anthu amene awerengako pang'ono. Munthu akamva kuti Asilamu amalemekeza Isa, amafuna kuonetsa nzeru, alemba kuti tikondwere pamodzi kubadwa kwa mneneri Isa. Zimveka za chikondi, koma zimavuta mbali zonse ziwiri. Asilamu alibe chikondwerero cha kubadwa kwa Isa pa 25 Disembala, ndiye mwawapatsa phwando limene alibe. Imwenso mwamutcha mneneri chabe uyo amene ku tchalitchi mumamutcha Ambuye. Siyani za maphunziro a chipembedzo kwa abusa ndi mashehe. Meseji ya pa yadi ikambe za pa yadi.

Ngati mabandulo atha ndipo mutumiza meseji wamba, kumbukirani kuti imodzi imatenga zilembo 160, kupitirira apo foni iwerenga ziwiri. Yaifupi ikwana: "Ba neba, tili mu Khisimisi kuno, takukumbukani. Zikomo pokhala bwino na ise chaka chino. Mulungu akusungeni na bana." Ndipo ngati ba neba ni achikulire, amene foni yao ni ya mabatani ndipo amaitana mdzukulu kuti awawerengere, musavutike ndi kulemba. Khomo lili pafupi. Gogodani, mukambe mau omwewo ndi pakamwa.

Nkhani ya amene mutumizira nayo ni yofunika. M'mabanja ambiri a Chisilamu, makamaka osunga mwambo kwambiri, mwamuna wa kunja kulembera mkazi wa mwini meseji ya mau okoma ndi timitima tofiira sizimveka bwino, olo cholinga chikhale choyera. Kukamba zoona, ngakhale kwa ife sizimveka bwino. Abambo alembere abambo anzao, amai alembere amai anzao, ndipo meseji ikambe za banja lonse. Timitima ndi tumilomo topsompsona tisiyeni. Pa nthawi, pewani Chisanu masana pamene ali ku mapemphero akulu a pa sabata, makamaka ngati mufuna kuimba foni kapena kugogoda. Mu 2026 Khisimisi igwa pa Chisanu penipeni, so m'mawa kapena madzulo ndiye bwino.

Mu komboni meseji siyenda yokha, imayenda ndi mbale. Apa ndiye pamagwa anthu ambiri amene meseji yao inali ya bwino. Mwalemba mau okoma, ndiye mutuma mwana ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku, ba neba alandira ndi manja awiri, koma chakudya sichidyedwa. Chifukwa si kunyada. Nyama ya halali ifunika kuti chiweto chidulidwe pa khosi, dzina la Mulungu litchulidwe, ndipo magazi atuluke. Alipo Asilamu amene amadya nyama yophedwa ndi Mkhristu, koma ambiri safuna kukaika, ndipo imwe simungadziwe kuti ba neba ali mbali iti ngati simunafunse. Palinso poto. Ngati ndiyo imene mumaphikira nkhumba kapena masoseji ake, ambiri sazamasuka nayo olo muitsuke bwanji.

Makolo athu anapeza kale njira yake. Ngati mufuna kuti adye nkhuku ya Khisimisi, pemphani atate a pa khomo limenelo kuti ndiwo akupheereni nkhuku zonse m'mawa. Ni ulemu kwa iwo, ndipo kwa imwe nkhuku ni nkhuku. Kapena apatseni yamoyo, azaphika okha tsiku limene afuna. Ngati thumba ni lopepuka, mpunga wosaphika, shuga, botolo ya saladi, mabisiketi kapena zakumwa zoziziritsa za ana zikwana. Munkoyo ukhale wa lero, osati wogona masiku mpaka wayamba kuluma, ndipo keke ija yothiridwa burande isapite. Mu meseji onjezani mzere umodzi wochotsa nkhawa: "Tatuma mwana na ka mpunga na nkhuku, ni ija munatiphera m'mawa, tapikira mu poto ya nyowani." Mzere umenewo uchita ntchito kupambana mavesi khumi.

Ngati pa yadi pazakhala chiwawa, masipika ndi mabotolo mpaka usiku, kambani zimenezo mu meseji yomweyo. "Mailo kuzankala bantu na nyimbo, mutikhululukire, tizachepesa voliyumu ikafika 22." Ba neba amauka kusanache kukapemphera, ndiye kuwachenjeza ni mphatso payokha. Koma mukalemba 22, ikhale 22.

Muzadziwa bwanji kuti meseji yafika bwino? Ikafika bwino, yankho imabwera ya momasuka, nthawi zina ndi nthabwala, kapena ana ao abwera kudzasewera ndi anu monga masiku onse. Ikalakwika, muzaona timizere tiwiri twa buluu popanda yankho, kapena ka chala kamodzi koimirira, ndipo mailo moni wa pa pompi ukhala waufupi. Koma osathamangira kukwiya. Pakati pa Asilamu eni ake pali kusiyana maganizo pa nkhani iyi. Ena amayankha Merry Christmas mosavuta, ena anaphunzitsidwa kuti kufunira munthu mafuno a chikondwerero cha chipembedzo china ni kuvomereza chiphunzitso chake. Munthu wotere angakuyankheni kuti zikomo, mukhale bwino, osatchula Khisimisi. Musamufunse kuti nanga bwanji simunanibwezere. Wayankha mpaka pamene chikhulupiriro chake chimulola.

Mau a chipembedzo asungireni tsiku lao. Ngati mufunadi kuti ba neba adziwe kuti mumawawerengera, meseji ya Disembala ni theka chabe, inayo ni ya pa Idi. Vuto ni lakuti Idi ilibe deti yokhazikika pa kalenda ya pa chipupa. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wa kumwamba, chili ndi masiku 354 kapena 355, ndiye chaka chilichonse Idi imabwerera kumbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Idi yomaliza kusala kwa Ramadani inali pa 21 kapena 22 Epulo mu 2023, cha pa 10 Epulo mu 2024, ndipo pa 30 kapena 31 Malichi mu 2025. Liu lakuti kapena lilipo chifukwa tsiku limadalira kuoneka kwa mwezi watsopano, ndipo mizikiti ina imasiyana ndi tsiku limodzi. So osadalira kalenda ya mu foni. Funsani ba neba madzulo kuti mwezi waoneka? Kapena yang'anani m'mawa. Mukaona ana avala zatsopano, abambo ali mu mikanjo yoyera kupita ku mapemphero, ndiye tsiku lakwana.

Mau ake ni awiri chabe, Eid Mubarak, kutanthauza chikondwerero chodalitsika. Mulibe chiphunzitso chimene Mkhristu angaope kuti wasaina. Onjezani za kwanu: "Eid Mubarak ba neba. Mwamaliza kusala bwino, Mulungu alandire mapemphero yanu. Musangalale na banja." Chimodzi chokha musalembe, chimene anthu amakonda kukamba moseka: Khisimisi yanu yafika. Idi si Khisimisi ya Asilamu, monga Khisimisi si Idi ya Akhristu. Ndipo musatumize Eid Mubarak pa chiyambi cha Ramadani, pamene anthu ayamba kumene masiku 29 kapena 30 osadya kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Pamenepo amati Ramadan Mubarak.

Kwa amene museweza pamodzi, pa shopu, pa galaji kapena ku ulonda, pali mphatso ina yoposa mau. Idi siili pa mndandanda wa maholide a boma mu Zambia, ndiye mnzanu afunika kupempha tsiku kwa abwana kapena kuthamangira ku nchito akachoka ku mapemphero. Meseji yakuti "nizakugwirira shifiti pa Idi, iwe uzanigwirira pa Khisimisi" ni imodzi mwa mameseji abwino kwambiri amene mungalembe chaka chonse, ndipo nonse awiri mupindula.

Mwina neba wanu si wa ku mzikiti koma wa Mboni za Yehova, ndipo awa ni ambiri maningi mu Zambia. Apa nkhani isintha pang'ono. Iwo amawerenga Baibulo, koma sachita Khisimisi, sachita phwando la Chaka Chatsopano, sachita masiku akubadwa. Chimene amasunga chaka chilichonse ni Chikumbutso cha imfa ya Yesu, cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo si tsiku lofunirana mafuno a chisangalalo. Ndiye ngakhale Compliments of the season, imene timaiona monga ya aliyense, kwa iwo siikwana bwino, ndipo mbale yotchedwa ya Khisimisi angaikane mwaulemu. Njira yake ni kusuntha tsiku. Mau omwe aja oyamikira, a takisi ndi mayunitsi, atumizeni pa tsiku wamba, mwina pakati pa Januwale pamene aliyense alira ndi za sukulu, osatchula chikondwerero chilichonse. Mphatso ya tsiku wamba amalandira bwino.

Tibwerere kwa ba neba a ku mzikiti, pakuti pali tsiku limene mbale imayenda kuchokera kwa iwo. Patapita miyezi iwiri ndi masiku khumi kuchokera pa Idi yoyamba, pamabwera Idi ya nsembe, yokumbukira Ibrahimu, amene ife timati Abrahamu. Amene akwanitsa amapha mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe, ndipo nyama imagawidwa: ina ya pa nyumba, ina ya abale ndi anansi, ina ya osauka. Musadabwe mwana akagogoda ndi pulasitiki ya nyama ya mbuzi. Akhristu ena amadya popanda funso, ena mtima umawakaikitsa chifukwa ni nyama ya nsembe. Ngati muli mwa okaika, musabweze mwana ndi pulasitiki yake pamaso pa yadi yonse. Pitani mweka kwa akulu, mukambe mofatsa monga iwo anakambira za nkhuku yanu, azamvetsa pakuti nkhani ya zakudya zoletsedwa aidziwa bwino. Ngati mwalandira, mbale isabwerere yopanda kanthu, ikanimo olo tomato kapena ka shuga, ndipo foni igwire nchito yake madzulo omwewo: "Ba neba, nyama yafika, bana badya bakhuta. Zikomo potikumbuka. Eid Mubarak kwa imwe na banja lonse."